Mfundu yachikasu yonata: mutu sunaume, ukudwala

Loweruka m'mawa, ntchito yoyamba m'saluni imakhala yomasula. Mayi amakhala pampando, thaulo lili m'mapewa, ndipo woluka amayamba kumasula meshi imene yakhala m'mutu milungu isanu ndi umodzi. Akamaliza amatenga chipeso cha mchira n'kuyamba kukanda khungu mzere ndi mzere. Apa m'pamene mitu imasiyana. Kwa wina pamagwa tinthu toyera, topepuka ngati gaga, timene timathothokera pathaulo n'kuuluka munthu akangouzira. Kwa wina sipagwa kanthu. Chipeso chimatuluka chitamatira nkhanambo zachikasu, zofewa, zonona ngati zaviikidwa m'mafuta ophikira, ndipo pamene zachokapo pamatsala khungu lanyontho, lofiirira kapena lotuwa, loyabwa.

Oluka ambiri amapereka malangizo amodzi kwa onse awiri: "Asisi, mutu wanuwu wauma, muzidzola mafuta ambiri." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo n'zimene nawonso anauzidwa akukula. Koma mutu wa mayi wachiwiriyu sunaume. Uli ndi mafuta okwanira kale, ndipo vuto lake lagona pamafuta pomwepo.

Nthenda imeneyi madokotala amaitcha seboreyiki dematayitisi. Dzinali n'lalitali, koma tanthauzo lake n'lachidule: kutupa kwa khungu m'malo amene amatulutsa mafuta ambiri. Kunyumba ambiri amangoti mfundu, ndipo sakulakwitsa kwenikweni, chifukwa akatswiri a khungu amati ziwirizi ndi zapachibale, zochokera muzu umodzi. Mfundu wamba ndi nthendayi ikadali yaing'ono. Ikakula n'kufika potupitsa khungu, m'pamene imalandira dzina lalitali lija. Kusiyana kwa kukulaku n'kumene kumauza munthu ngati akufunika shampu ya m'sitolo basi, kapena akufunika kuonana ndi achipatala.

Zimene maso ndi zala zingaone

Mfundu wamba imakhala m'mutu mokha. Ndi yoyera kapena yotuwa, yopyapyala, ndipo imagwa yokha, n'chifukwa chake imachititsa manyazi munthu akavala jekete yakuda. Imamwazikana mutu wonse mopanda malire. Munthu akapatula tsitsi n'kuyang'ana bwino, khungu la pansi pake limaoneka labwinobwino, lopanda kutupa. Kuyabwa kumakhalapo koma n'kopiririka. Pafupifupi theka la anthu akuluakulu padziko lonse amakumana nayo nthawi ina pamoyo wawo.

Seboreyiki dematayitisi siichuluka choncho. Imagwira pafupifupi munthu mmodzi mpaka atatu pa anthu 100 alionse akuluakulu, amuna kuposa akazi. Nkhanambo zake n'zazikulupo, zachikasu, ndipo munthu akazipekesa pakati pa zala ziwiri zimasiya mafuta. Zimamatirira kukhungu ndi kutsinde kwa tsitsi. Zimapanga zigamba, ndipo pansi pa chigamba chilichonse khungu limakhala lotupa. Ena amamva kuyabwa, ena amamva kutentha kapena kunyerenyetsa, makamaka akatuluka thukuta.

Koma chizindikiro chodalirika kuposa zonse ndi malo. Nthendayi sikhala m'mutu mokha. Imatsatira mafuta kulikonse kumene thupi limawatulutsa kwambiri. Imatsikira pamphumi m'mbali mwa tsitsi, kuseri kwa makutu kumene nthawi zina khungu limang'ambika n'kumatuluka timadzi, m'kati mwa makutu, m'nsidze, m'zikope pamene pamamera nsidze zazing'ono, m'mbali mwa mphuno pamene pamapindika munthu akamwetulira, m'ndevu, ndi pakati pa chifuwa. Kwa ena imafika m'khwapa, pansi pa mabere ndi m'mphechepeche. Kawirikawiri imaoneka mbali zonse ziwiri mofanana: nsidze yakumanja ndi yakumanzere, khutu ili ndi ilo. Munthu amene ali ndi mfundu m'mutu, kwinaku m'mbali mwa mphuno mukusendeka ndipo kuseri kwa khutu kuli nkhanambo, nthendayi ndiyo yoyamba kuiganizira.

Pali mfundo imodzi imene mabuku ambiri azachipatala analephera kuifotokoza bwino kwa zaka zambiri, chifukwa zithunzi zake zinali za anthu a khungu loyera. Mabukuwo amati khungu limafiira. Pakhungu lakuda kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Chimene chimaoneka ndi zigamba zotuwa, zowala kuposa khungu lozungulira, kapena nthawi zina zoderapo kwambiri. Pankhope zimatha kupanga timizere topindika ngati masamba a duwa, m'mbali mwa tsitsi ndi mphuno. Ambiri amene amapita kuchipatala sapita chifukwa cha mfundu ayi. Amapita chifukwa nkhope yachita mawangamawanga ndipo anthu ayamba kufunsa ngati akudzola mafuta oyeretsa khungu.

Kachilombo kodya mafuta

Pansi pa tsitsi lililonse pali kathumba kakang'ono kotulutsa mafuta achilengedwe amene amafewetsa khungu. Pamafuta amenewa pamakhala mtundu wa yisiti wotchedwa Malaseziya. Dzinali linachokera kwa Louis-Charles Malassez, katswiri wa ku France amene mu 1874 anaona tizilomboti m'mfundu poyang'ana pa makina okuzira zinthu. Zaka 13 pambuyo pake, mu 1887, dokotala wa khungu wa ku Hamburg ku Germany, Paul Gerson Unna, anafotokoza nthendayi ngati nthenda payokha. Chochititsa chidwi n'chakuti mtundu umodzi wa yisitiyi unapatsidwa dzina lachilatini lotanthauza gaga. Zimene woluka tsitsi amaona pathaulo ndi zomwezo zimene akatswiri akalewo anaona.

Yisitiyi ili pakhungu la munthu wamkulu aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe. Siyochokera kwa mnzake, siyochokera ku uve. Ili ndi chilema chimodzi: siitha kudzipangira yokha mafuta amene imafunikira kuti ikhale ndi moyo. Choncho imadalira mafuta a munthu. Imawaphwanya, n'kudya gawo limene ikufuna, n'kusiya zotsalira pakhungu. Chimodzi mwa zotsalirazo ndi asidi wotchedwa oleyiki. Kwa anthu ambiri asidi ameneyu sachita kanthu. Koma kwa ena amalowerera m'khungu n'kulinyanyula, ndipo thupi limayankha mwa kutupa ndi kufulumizitsa kupanga khungu latsopano.

Khungu la m'mutu limasinthika nthawi zonse. Zinthu zikakhala bwino, khungu latsopano limatenga pafupifupi mwezi wathunthu kuti likwere kuchokera pansi, likhwime, liume, kenako ligwe ngati fumbi losaoneka ndi maso. Likanyanyuka, ulendo wa mwezi umatheka m'masiku ochepa chabe. Khungulo limafika pamwamba lisanakhwime, likadali logwirana, ndipo limagwa m'zibenthu zooneka. Zibenthuzo zikasakanikirana ndi mafuta ndi timadzi ta kutupa, zimasanduka nkhanambo zachikasu zija.

Choncho pamafunika zinthu zitatu kuti nthendayi ibuke: mafuta, yisiti, ndi khungu losachedwa kunyanyuka. Izi zikufotokoza chifukwa chake imabwera pa misinkhu inayake. Imaoneka mwa makanda m'miyezi itatu yoyambirira, imasowa mwa ana a kupulayimale amene timatumba tawo ta mafuta tili m'tulo, imabweranso mwana akatha msinkhu, ndipo imavutitsa ambiri pa zaka zapakati pa moyo. Zikufotokozanso chifukwa chake mwamuna akhoza kukhala nayo zaka 20, mkazi wake akugona naye pa pilo mmodzi, koma iye osatenga.

Nanga mafuta odzola? M'nyumba zoyezera matenda, akafuna kumeretsa Malaseziya m'mbale, njira imodzi yodziwika ndi kuthira mafuta a olivi pamwamba pa chakudya chake. Popanda mafuta mitundu yake yambiri simera. Mafuta ambiri ochokera ku zomera ali ndi zimene yisitiyi ingadye. Vaselini ndi mafuta ena a m'gulu lake siingawadye, koma amamata mfundu kuti isagwe, n'kuiunjika m'mutu. Kwa masiku awiri kapena atatu mutu umaoneka ngati wachira, pamene nkhanambo zangonyowa n'kubisala. Ndi chifukwa chake madokotala a khungu amalangiza kuti mafuta azipita kutsitsi, kuyambira pakati mpaka kunsonga, osati pakhungu la m'mutu.

Mmene ulendo wake umayendera

Kwa amayi ambiri nkhani yake imayenda motere. Mayi wa zaka za m'ma 30, wogulitsa kaunjika kumsika, amalukitsa meshi n'kukhala nayo mwezi ndi theka. M'nthawi yonseyi sasambitsa mutu, poopa kuwononga maluko amene walipira ndalama zambiri. Tsiku lonse amakhala atamanga duku kapena atavala wigi, thukuta likutuluka. Mutu ukayabwa amaumenya ndi chikhatho, kapena amalowetsa cholembera pakati pa mizere. Madzulo amathira mafuta mzere uliwonse. Mwezi wa Juni ukafika, mphepo yozizira ndi youma ikayamba, zinthu zimaipiraipira. Amayesa mandimu, amayesa sopo wochapira, ndipo mutu umatentha ngati moto. Kenako m'mbali mwa mphuno mumatuluka zigamba zotuwa, ndipo mnzake wa pamsika amamupatsa kachubu ka mafuta amphamvu amene amati amachotsa ziwengo zamtundu uliwonse.

Akafika kuchipatala, dokotala sasowa zipangizo zambiri. Amapatula tsitsi, amayang'ana kuseri kwa makutu, m'nsidze, pachifuwa, m'zigongono, m'mawondo ndi m'zikhadabo. Amafunsa kuti zinayamba liti, amasambitsa mutu kangati, amadzola chiyani, ndiponso ngati anayezetsapo magazi posachedwa. Nthawi zambiri maso okha amakwanira.

Mankhwala oyamba ndi shampu yopha yisiti. Yodziwika kwambiri ndi ya ketokonazo ya 2 peresenti. Kagwiritsidwe kake n'kumene ambiri amaphonya. Shampuyi siyochapira tsitsi, ndi mankhwala a khungu. Munthu amanyowetsa mutu, amapatula tsitsi m'zigawo, amapaka shampu pakhungu penipeni ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, kenako amadikira mphindi zitatu mpaka zisanu asanatsukuluze. Wopaka n'kutsukuluza nthawi yomweyo wangotaya ndalama, chifukwa mankhwalawo sanapeze mpata wogwira ntchito. Thovu lomwelo akhoza kulipititsa kuseri kwa makutu, m'ndevu ndi pachifuwa, kusamala kuti lisalowe m'maso. Malangizo a masiku onse ndi kuchita zimenezi kawiri pa mlungu kwa milungu iwiri mpaka inayi.

Apa mayi wa kumsika uja amafunsa funso loyenera: "Adokotala, tsitsi langali ndilisambitse kawiri pa mlungu? Si lithothoka lonse?" Nkhawa yake ili ndi maziko. Malangizo olembedwa pabotolo analembedwa poganizira tsitsi lowongoka limene eni ake amalisambitsa tsiku ndi tsiku. Tsitsi lopotana limauma msanga ndipo limaduka msanga, makamaka likakhala lothiridwa mankhwala owongolera, ndipo ketokonazo amaliumitsa kwambiri. Madokotala ozolowera tsitsi lotere amagwirizana ndi wodwala pa zimene angakwanitse: kamodzi pa mlungu, shampu yamankhwala ipite pakhungu pokha, ikhalepo nthawi yokwanira, kenako tsitsi lenilenilo litsukidwe ndi shampu yofewetsa n'kupakidwa kondishona. Chimene sichingatheke ndi kuchira uku mutu ukukhala mwezi ndi theka osaona madzi. Kwa mwezi woyamba, ndi bwino kumasula meshi n'kuluka maluko osavuta kumasula, osakoka kwambiri.

Ketokonazo akasowa kapena akakwera mtengo, pali shampu za seleniyamu salifayidi, za zinki pirithiyoni, ndi zina zokhala ndi phula la malasha kapena asidi wa salisiliki amene amasungunula nkhanambo zokhuthala. Ya seleniyamu ili ndi fungo lamphamvu ndipo ikhoza kusintha mtundu wa tsitsi lodayidwa kapena la imvi ngati sinatsukuluzidwe bwino. Kwa munthu wa mfundu wamba, iliyonse mwa shampu zimenezi imakwanira payokha, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Kwa wa seboreyiki dematayitisi pamafunika kuwonjezera, chifukwa pali kutupa koti kuzimitsidwe ndiponso nkhope yoti isamalidwe. Pankhope ndi kuseri kwa makutu amapatsidwa mafuta opha yisiti monga ketokonazo, kulotirimazo kapena mikonazo, opaka kamodzi kapena kawiri pa tsiku kwa milungu iwiri mpaka inayi. Kuyabwa ndi kutupa zikakula, dokotala amawonjezera hayidirokotizoni wa 1 peresenti, wopaka mopyapyala kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenako n'kusiya. M'mutu, momwe khungu lake n'lokhuthala, angapereke mankhwala amphamvupo a gulu lomwelo, nawonso kwa nthawi yochepa.

Kachubu kamene mnzake anamupatsa kaja n'koopsa pachifukwa chimenechi. Mafuta ambiri ogulitsidwa m'misika ochotsera ziwengo kapena oyeretsera khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la hayidirokotizoni, monga betamethazoni ndi kulobetazo. Munthu akapaka pankhope, m'masiku atatu zonse zimazimirira, ndipo amakhulupirira kuti wapeza mankhwala enieni. Akasiya, nthenda imabwerera mwaukali kuposa kale, ndiye amapakanso. Pakatha miyezi khungu la kunkhope limapyapyala, limatuluka ziphuphu, limatuwa mosiyana ndi khosi, ndipo kulibwezeretsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuchiza nthenda yoyambayo. Mapiritsi a ketokonazo nawonso si ogula mwachisawawa. Mu 2013 mabungwe oyang'anira mankhwala ku Ulaya ndi ku America anachenjeza kuti mapiritsiwa akhoza kuwononga chiwindi, ndipo analetsa kapena kuchepetsa kwambiri kagwiritsidwe ntchito kake pa matenda a mafangasi. Chenjezoli silikhudza shampu ndi mafuta opaka, chifukwa zimenezi sizilowa m'magazi mochuluka.

Mayi uja akatsatira bwino, kuyabwa kumayamba kuchepa m'mlungu woyamba kapena wachiwiri. Pofika mlungu wachinayi nkhanambo zambiri zimakhala zitatha. Zigamba zotuwa za kunkhope ndizo zimachedwa. Mtundu wa khungu umabwerera pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo kapena miyezi, ndipo kuchedwako sikutanthauza kuti mankhwala alephera.

Ambiri amagwa pamenepa. Akaona kuti mutu wayera amasiya zonse, ndipo pakapita mwezi umodzi kapena iwiri amabwerera kuchipatala atakwiya, akuti mankhwala aja anali achabechabe. Mankhwalawo anagwira ntchito. Chimene sanauzidwe, kapena sanachimvetse, n'chakuti yisitiyi siitha. Imachepa, kenako imaswananso. Nthendayi ndi yokhalitsa, yobwera ndi kupita, ndipo dokotala wonena zoona salonjeza kuti ithera pomwepo. Njira yake ndi kupitiriza shampu yamankhwala kamodzi pa mlungu kapena kamodzi pa milungu iwiri ngakhale mutu uli bwino, ndi kubwerera ku kawiri pa mlungu ikangoyamba kudzuka. Imakonda kudzuka nyengo yozizira, munthu akatopa kwambiri, akakhala ndi nkhawa, akamasowa tulo, akadwala matenda ena, ndiponso akamamwa mowa wambiri. Wodwala amene wakhala nayo zaka zingapo amayamba kuidziwa ngati mlimi adziwira mitambo: nsidze zikangoyamba kuyabwa, amadziwa kuti yayandikira.

Pa nkhani ya tsitsi, nthendayi payokha kawirikawiri siyambitsa dazi lokhalitsa. Tsitsi limaduka chifukwa cha kukanda, kusenda nkhanambo ndi chipeso mwamphamvu, ndi kulukitsa mokoka pakhungu lotupa kale. Kuthira mankhwala owongolera tsitsi pamutu wa zilonda n'kudziwotcha dala. Ndi bwino kudikira mutu upole.

Pamene si nthendayi

Si mutu uliwonse wa nkhanambo umene uli ndi seboreyiki dematayitisi, ndipo kusokoneza kumawonongetsa nthawi. Chofunika kwambiri kuchisiyanitsa ndi chipere cha m'mutu. Mwana wa zaka 6 kapena 8 akakhala ndi mfundu yambiri, makolo asathamangire kunena kuti ndi mfundu chabe, chifukwa pamsinkhu umenewu mfundu wamba ndi yosowa. Chipere chimadula tsitsi n'kusiya zigamba zozungulira, nthawi zina zokhala ndi timadontho takuda pamene tsitsi laduka, ndipo mwanayo amatha kutupa mwanabere kukhosi. Chimapatsirana kudzera m'makina ometera, zipeso, zipewa ndi mapilo. Shampu yokha siichichiza, chifukwa kachilombo kake kamalowa m'kati mwa tsitsi. Chimafuna mankhwala akumwa monga giriseofuluvini kwa milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu.

Soriyasisi ndiyo imasokoneza ngakhale madokotala. Nkhanambo zake n'zokhuthala, zouma, zotuwa ngati siliva, ndipo zigamba zake zili ndi malire ooneka bwino. Kawirikawiri imapezekanso m'zigongono ndi m'mawondo, ndipo zikhadabo zimakhala ndi timaenje ngati zobayidwa ndi singano. N'chifukwa chake dokotala uja anayang'ana malo amenewa. Palinso ziwengo zobwera ndi dayi wakuda wa tsitsi, zimene zimabuka tsiku limodzi kapena masiku angapo munthu atadaya, zotupitsa mphumi, makutu ndi zikope. Ndipo chigamba chilichonse chotuwa chimene sichiyabwa, sichisendeka, komanso munthu sakumva akachikhudza ndi thonje, chiyenera kuonedwa kuchipatala msanga, chifukwa khate limayamba motero ndipo limachizika likapezeka msanga.

Funso la magazi

Dokotala akafunsa za kuyezetsa magazi, odwala ena amakhumudwa. Anabwera ndi mfundu, nanga za HIV zabwera bwanji? Funsoli lili ndi chifukwa chomveka, ndipo m'mayiko a kuno kumene kachilomboka n'kofala, dokotala wosalifunsa ndiye walakwa. Nthendayi imachuluka kwambiri mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wapeza kuti pakati pa anthu amene ali ndi HIV, imagwira munthu mmodzi mwa atatu alionse kapena kuposa apo. Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse linaiika m'gulu la zizindikiro za gawo lachiwiri pa magawo anayi a matenda a HIV, kutanthauza kuti ikhoza kuoneka munthu akadali wamphamvu, akuyenda ndi kugwira ntchito bwinobwino.

Izi zisamveke molakwika. Anthu ochuluka amene ali ndi seboreyiki dematayitisi alibe HIV, ndipo kuloza chala munthu chifukwa cha nkhanambo za m'nsidze n'kupanda nzeru komanso nkhanza. Chimene chimachenjeza dokotala ndi kabweredwe kake: ikabuka mwadzidzidzi mwa munthu wamkulu amene analibe kale, ikafalikira nkhope yonse, chifuwa, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kapena ikakana mankhwala amene agwiritsidwa ntchito moyenera. Zikatero kuyezetsa n'kwanzeru. Kwa amene apezeka ndi kachilombo n'kuyamba ma ARV, khungu nthawi zambiri limayamba kusintha chitetezo chikamakwera. Nthendayi imachulukanso mwa anthu odwala matenda a Parkinson, onjenjemeretsa manja aja, ndi mwa ena amene anachita sitiroko. Wosamalira gogo wodwala motere akaona nkhope ikunona ndi kusendeka, asaganize kuti sakumusambitsa mokwanira.

Makanda

Mwa makanda nthendayi imakhala ndi nkhope ina, ndipo imaopsa amayi kuposa mmene imavutitsira mwana. Pakati pa milungu iwiri ndi miyezi itatu chibadwire, paliwombo ndi pamwamba pa mutu pamamera chikhakha chachikasu kapena chabulauni, chonona, chomata ngati nkhoko za mumphika. Nthawi zina chimafika m'nsidze, kuseri kwa makutu, m'khosi ndi m'matewera. Akatswiri amaganiza kuti mahomoni a mayi amene atsalira m'thupi la mwana ndi amene amadzutsa timatumba ta mafuta kwa kanthawi. Mwanayo sakanda, amayamwa bwino, amagona bwino. Zimenezi n'zimene zimasiyanitsa vutoli ndi ziwengo zina za ana zimene zimayabwa mpaka kumuliza usiku wonse.

Chikhakhacho chimakula kwambiri pamene mayi akuopa kukhudza paliwombo posambitsa. Liwombo lili ndi chikopa cholimba pansi pa khungu, ndipo kusambitsa modekha sikungalivulaze. Apa mafuta ali ndi ntchito, koma ntchito yake ndi yofewetsa, osati yokhalitsa. Mayi amapaka vaselini pang'ono pachikhakhapo, amadikira ola limodzi kapena usiku wonse ngati n'chokhuthala, kenako amasambitsa mutuwo ndi shampu ya ana kapena sopo wofewa, akupukuta pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa kapena kaburashi ka ana. Zimene zafewa zimachoka, zimene zakana zimadikira tsiku lina. Kutong'ola ndi chikhadabo kumasiya zilonda zimene zimalowa tizilombo. Tsitsi lina limachokera limodzi ndi nkhanambo, koma limameranso.

Kwa ana ambiri vutoli limatha lokha asanakwanitse chaka. Loti mayi alitengere kusikelo kapena kuchipatala osadikira ndi limene lafalikira thupi lonse, likutuluka madzi kapena mafinya, likununkha, kapena limene labwera limodzi ndi kutentha thupi, kutsegula m'mimba kosatha, ngakhalenso kulemera kwa mwana kukaima pa khadi la sikelo. Shampu ya akuluakulu, mafuta a m'kachubu a kumsika ndi mankhwala a salisiliki zisafike pamutu wa khanda pokhapokha achipatala atanena.